Kalata yofotokozera a inshuwaransi zimene zithunzi zikuonetsa madzi akaononga katundu m'shopu

Alamu anga ali ndi golosale ku Ndirande, kumunsi uko kufupi ndi mtsinje wa Nasolo. Usiku wina mu Febuluwale mvula inagwa yosalekeza, ngalande ya m'mbali mwa msewu inatsekeka ndi zinyalala, madzi n'kulowa m'shopumo kudzera pansi pa chitseko. Kutacha anajambula zithunzi 63 pa foni, n'kuzitumiza zonse kwa a inshuwaransi ndi mawu ochepa akuti katundu yense waonongeka, thandizeni. Patapita masiku yankho linabwera lowapempha kuti alembe kalata yofotokoza chimene chithunzi chilichonse chikuonetsa, kuchuluka kwa katunduyo ndi mtengo wake. Apa m'pomwe anandiimbira foni, poti ine ntchito yanga ndi yolembera mabuku a ndalama anthu a mabizinesi ang'onoang'ono.

"Alamu, kodi anthuwa alibe maso? Zithunzi ndawapatsa zonse."

Maso ali nawo. Koma amene akuona zithunzizo ali pa desiki m'tauni, m'shopu mwanu sanalowemo, ndipo mwina tsiku lomwelo akuona zithunzi za mashopu ena khumi. Chithunzi cha mulu wa mabelo a shuga sichimuuza kuti kuseri kuli mabelo angati, sichimuuza ngati madzi analowa m'mapaketi kapena anangonyowetsa kunja, ndipo mtengo umene munaodera suoneka pa chithunzi. Kalata ndiyo imanena zonsezi. Ndikuonetsani m'mene tinailembera, ndi ziwerengero zimene ndazisintha pang'ono kuti masamu ake aziyenda mosavuta.

Choyamba: tsegulani pangano la inshuwaransi musanagwire cholembera

Ndikunena chikalata chija anakupatsani mutalipira, chimene ambiri timangochiponya m'dirowa. Muli zinthu zisanu zoti muzipeze ndi kuzilemba pa pepala lapadera: nambala ya pangano, ndalama zimene munaikira katundu wa m'shopu, ekisesi yomwe ndi ndalama imene amachotsa pa malipiro kuti muisenze nokha, masiku amene akupatsani kuti mupereke tsatanetsatane wa kleimu kapena kuti pempho lanu la malipiro, ndiponso ngati kusefukira kwa madzi kunatchulidwa pa ngozi zimene amalipira.

Chomalizachi musachidumphe. Inshuwaransi ya moto wokha kapena ya kuba kokha siilipira madzi. Madzi osefukira ndi mphepo yamkuntho nthawi zambiri amazionjezera pa pangano la moto ngati ngozi zapadera, ndipo mumalipira ndalama yoonjezerapo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, nkhani imeneyi inaonekera poyera: kukhala ndi inshuwaransi ndi kwina, kukhala ndi inshuwaransi yolipira madzi ndi kwina.

Fufuzaninso chiganizo chonena za kasungidwe ka katundu. Mapangano ambiri amalamula kuti katundu asamakhale pa simenti penipeni, azikhala pa mapaleti kapena pa mashelefu, motalikira pansi ndi masentimita akutiakuti. La alamu linkati masentimita 15. Chiganizo chimenechi ndicho chidzakuuzeni zithunzi zimene wowerenga adzaziyang'anitsitse.

Ngati simunawadziwitse kale a inshuwaransi kapena buloka wanu, mkhalapakati amene anakuthandizani kugula inshuwaransiyo, kuti kwachitika ngozi, imbani foni lero lomwe ndipo tumizaninso uthenga wolemba. Kalata ya zithunzi ibwera pambuyo. Kwa alamu, uthenga wam'mawa uja, ngakhale unali wosalongosoka, unathandiza chifukwa unali umboni woti anadziwitsa kampani tsiku lomwelo.

Chachiwiri: sankhani zithunzi, muzipatse manambala

Pa zithunzi 63 zija tinatengapo zisanu ndi zinayi, n'kuonjezerapo ziwiri zojambulidwa pambuyo pake, zonse pamodzi khumi ndi chimodzi. Zambiri zinali zobwereza, zina zamdima, zina zinali za anyamata akukolopa. Zotsalazo sitinafufute, ndipo m'kalata tinanena kuti zilipo ngati angazifune.

Zithunzi muziike m'ndondomeko imene madzi anayendera. Yambani ndi kunja: khomo la shopu ndi chikwangwani chake, msewu, ngalande. Kenako chitseko pamene madzi analowera. Kenako chithunzi cha m'kati monse mutaima pakhomo. Kenako mzere wa matope pakhoma. Pomaliza katundu, mtundu umodzi umodzi, chithunzi chapatali chosonyeza mulu wonse ndi china chapafupi chosonyeza m'kati mwa paketi kapena thumba.

Pa zonsezi, cholemera kwambiri ndi cha mzere wa matope. Madzi akaphwa amasiya mzere wofiirira pakhoma, pa miyendo ya mashelefu ndi pa kauntala, ndipo mzerewo umayenda mowongoka kuzungulira chipinda chonse. Umenewu ndiwo umboni woti madzi anachokera pansi n'kukwera. Madzi a denga lodontha amasiya zizindikiro zina: siling'i yothimbirira, timizere totsika pakhoma, katundu wa pamwamba wonyowa pamene wa pansi ndi wouma. Kusiyana kumeneku kuli ndi ndalama m'kati, chifukwa denga lodontha kaamba ka malata akale a inshuwaransi amatha kulitenga ngati kusasamalira nyumba, osati ngozi. Ndiye jambulaninso siling'i ndi shelefu ya pamwamba, ngakhale zili zouma. Kuuma kwakeko ndiko mukufuna kuonetsa.

Mzerewo muujambule mutaimika tepi yoyezera pambali pake, kuyambira pa simenti, manambala akuwerengeka. Alamu sanachite zimenezi tsiku loyamba, anali ndi chithunzi chokha cha khoma ndi tsache litatsamira. Mwayi wake khomalo anali asanalitsuke. Tinapita ndi tepi, tinapeza masentimita 38, ndipo m'kalata tinalemba poyera kuti chithunzi chimenecho chinajambulidwa mochedwa, tsiku lakuti. Musayese kunamizira kuti chithunzi chamochedwa ndi cha tsiku la ngozi, foni imakuululani.

Imakuululani chifukwa chithunzi chilichonse chimasunga tsiku ndi nthawi. Mafoni ambiri a Android amalemba zimenezi m'dzina lenileni la chithunzicho, mwachitsanzo:

```
IMG_20250214_061530.jpg
```

Apa ndiye kuti chaka cha 2025, mwezi wa 2, tsiku la 14, nthawi ya 06:15. Ngati dzinalo silikuonetsa, tsegulani chithunzicho mu Gallery ndi kusankha Details kapena Info. Vuto ndi lakuti mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chimafika chitachepetsedwa, tsiku ndi nthawi zam'katizo zitachoka. Kuti chifike chathunthu, dinani kachizindikiro kolumikizira kaja n'kusankha Document m'malo mwa Gallery, kapena tumizani pa imelo. Zithunzi zenizenizo zisiyeni m'foni momwemo osazidula, osaziwalitsa, osalembapo mivi. Ngati mukufuna kulemba manambala, lembani pa zimene mwasindikiza pa pepala kapena pa kope lachiwiri.

Chachitatu: pa chithunzi chilichonse siyanitsani zimene zikuoneka ndi zimene mukudziwa

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe ambiri amadzigwetsa okha. Tengani chithunzi chimodzi, chiyang'aneni ngati mlendo amene sanalowepo m'shopu mwanu, ndipo mudzifunse mafunso atatu. Kodi maso akuona chiyani pa chithunzichi? Kodi ndi chiyani chimene ndinachiwerenga ndi manja koma sichikuoneka? Kodi ndi pepala liti limene likutsimikiza kuti katunduyu ndinali naye?

Tione chithunzi cha shuga. Alamu poyamba analemba kuti: "Chithunzichi chikuonetsa mabelo 12 a shuga ataonongekeratu." Titachiyang'ana bwino, chinkaonetsa milu iwiri ya mabelo anayi anayi, mulu wachitatu ukungosuzumira kuseri. Mizere iwiri ya pansi inali ya matope, iwiri ya pamwamba yoyera bwinobwino. Wowerenga aliyense akanawerenga mabelo asanu ndi atatu ooneka, anayi okha odetsedwa, n'kuyamba kukayikira kalata yonse. Ndipo munthu akagwidwa akukokomeza pa mzere umodzi, mizere ina yonse amaiwerenga ndi diso lokayika. Kunena zoona, mapangano a inshuwaransi amakhala ndi chiganizo chakuti kleimu yachinyengo ikhoza kukanidwa yonse, osati mbali yokokomezedwayo yokha.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga mabelo a pamwamba aja ali kuti?"

"Aja ndinagulitsa, alamu. Anali abwinobwino."

"Ndiye sitingawalembe."

Tinalembanso motere: chithunzi chikuonetsa milu itatu pa paleti, iwiri kutsogolo, umodzi kuseri ukuoneka mbali yokha. Mulu uliwonse uli ndi mabelo anayi. Mizere iwiri ya pansi yathimbirira ndi matope. Titaphwasula milu tinawerenga mabelo 6 onyowa ndi 6 ouma, ndipo tikupempha malipiro a 6 onyowawo. Masamu ake akugwirizana ndi mzere wa pakhoma: paleti ndi ya masentimita 15, madzi anafika 38, ndiye anadutsa paleti ndi masentimita 23, kumiza belo la pansi ndi kulowa m'lachiwiri. Wowerenga akaika zithunzi ziwirizi pamodzi n'kupeza kuti zikunena chimodzi, mwamupeputsira ntchito.

Katundu wa m'mapulasitiki amafuna chithunzi chapafupi. Asesa, munthu amene kampani imamutuma kudzaona katundu woonongekayo, akhoza kunena kuti paketi ya shuga ndi yomata, madzi anangodutsa kunja. Tsegulani belo limodzi mujambule mapaketi amene shuga wake waundana kapena wasintha mtundu, kapena madzi akuonekera m'kati. Thumba la mpunga litseguleni kumunsi kumene kunanyowa, osati kukamwa kumene kuli kouma. Katoni ya sopo wa ufa ionekere kuti yafewa ndi kung'ambika, sopoyo atagwirana ngati mwala.

Pali zina zimene kamera siigwira. Fungo la madzi a m'ngalande osakanikirana ndi a m'zimbudzi zosefukira silioneka. Chuku chimayamba patapita masiku angapo, ndiye pa chithunzi cha tsiku loyamba mpunga ukhoza kuoneka wabwino. Zoterezi zilembeni, koma muzilembe ngati zimene inu munaona kapena kumva, ndi tsiku lake. Musalembe kuti chithunzi chikuonetsa fungo.

Mawu ngati zomvetsa chisoni, tsoka lalikulu, ndatheratu, asiyeni. N'zoona mwapwetekeka, koma pa desiki paja akufuna manambala. Pewaninso kuloza zala kuti wakutiwakuti ndiye anatseka ngalande kapena sanaikonze. Nenani zimene chithunzi chikuonetsa, ngalande yodzaza ndi zinyalala, basi.

Nanga chithunzi chikaonetsa chinthu chimene sichikukomerani? Kwa alamu, chithunzi cha mpunga chinkaonetsa matumba awiri pa paleti ndi limodzi litaima pa simenti. Anafuna kuti tichichotse. Ndinakana pa zifukwa ziwiri. Thumbalo linkaonekanso pa chithunzi cha m'kati monse chija, ndipo zithunzi zonse 63 anali atazitumiza kale. Chachiwiri, chinthu chimene mwachinena nokha amachiona ngati kulakwitsa kwakung'ono, koma akachitulukira okha amafunsa kuti n'chiyaninso china mwabisa. Tinachinena, n'kuonjezera mfundo yoona yakuti madzi anadutsa paleti, moti thumbalo likananyowa ndithu ngakhale likanakhala pamwamba.

Chachinayi: ikani mitengo yooderapo

A inshuwaransi amabweza ndalama imene munagulira katundu ku holoselo, osati imene mukanapeza mutagulitsa. Phindu lotayika ndi inshuwaransi ina, imene mashopu ang'onoang'ono ambiri alibe. Choncho tengani malisiti a ku Limbe kapena kulikonse kumene mumapikula, muwapatse zilembo A, B, C, ndipo mzere uliwonse wa katundu ukhale ndi nambala ya chithunzi ndi chilembo cha lisiti.

Malisiti akanyowa nawo, musataye mtima. Ayanikeni pamthunzi osawatikita, muwajambule asanafufutike, makamaka aja a pa makina amene inki yake imazimirira yokha. Holoselo imene mumaodako kawirikawiri ikhoza kukusindikizirani ena. Mauthenga a Airtel Money, Mpamba kapena a ku banki osonyeza kuti munalipira amathandizanso, komanso kope limene mumalembamo sitoko.

Katundu amene anapulumuka mumutchulenso. Mabotolo a mafuta ophikira a alamu anamira mpaka pakati, mapepala ake n'kumatuka, koma zitsekerero sizinakhudzidwe. Sitinawaike pa kleimu, ndipo tinanena chomwecho.

Chachisanu: lembani kalatayo

Makalata a ku maofesi kuno ambiri amayenda m'Chingerezi. Ngati Chingerezi chimakuvutani, lembani kaye m'Chichewa kuti mfundo zikhale zanu, kenako buloka wanu kapena munthu wodalirika aimasulire mzere ndi mzere osaonjezera zokometsera, ndipo akuwerengereni musanasayine. Pamwamba ikani dzina la shopu, malo ake monga alembedwera m'pangano, nambala ya foni ndi tsiku. Yathu inali motere:

> Kwa Mkulu woona za makleimu,
>
> KLEIMU YA KATUNDU WOONONGEKA NDI MADZI OSEFUKIRA: PANGANO NAMBALA ……, KLEIMU NAMBALA ……
>
> Ndikulemba potsatira uthenga umene ndinakutumizirani pa 14 Febuluwale wokudziwitsani za ngoziyi. Usiku wa pa 13 Febuluwale kunagwa mvula yambiri ndipo madzi ochokera mumsewu analowa m'shopu yanga ku Ndirande. Ndinatseka shopu cha m'ma 7 koloko madzulo muli mouma, ndinatsegula cha m'ma 6 koloko m'mawa madzi ataphwa, pansi pali matope. Ndaphatikiza zithunzi 11. Zonse ndinajambula ndekha pa foni yanga m'mawa wa pa 14 Febuluwale, kupatula chithunzi 4 chimene chinajambulidwa pa 25 Febuluwale khoma lisanatsukidwe, ndi chithunzi 8 chimene chinajambulidwa pa 18 Febuluwale.
>
> Chithunzi 1: kutsogolo kwa shopu. Ngalande yadzaza zinyalala ndi mchenga, matope afika pakhonde.
>
> Chithunzi 2: chitseko, kuchokera m'kati. Matope ndi udzu zatsakamira pa mpata wa pansi pa chitseko.
>
> Chithunzi 3: m'kati monse kuchokera pakhomo. Pansi ponse pali matope. Siling'i ndi mashelefu a pamwamba ndi ouma.
>
> Chithunzi 4: mzere wa matope pakhoma la kumbuyo, tepi ikuonetsa masentimita 38 kuchokera pa simenti.
>
> Zithunzi 5 ndi 6: shuga. Milu itatu ya mabelo anayi anayi pa paleti ya masentimita 15, mulu wachitatu ukuoneka mbali yokha. Mizere iwiri ya pansi ili ndi matope. Chithunzi 6 chikuonetsa belo lotsegula, shuga ataundana m'mapaketi. Ndinawerenga mabelo 6 onyowa. Mabelo 6 a pamwamba anali ouma ndipo sali pa kleimu.
>
> Zithunzi 7 ndi 8: mpunga, matumba atatu a makilogalamu 50. Awiri ali pa paleti, limodzi lili pa simenti chifukwa ndinkapimamo tsiku limenelo. Onse atatu anyowa kumunsi, poti madzi anadutsa paleti ndi masentimita 23. Chithunzi 8 chikuonetsa mpunga utayamba chuku.
>
> Chithunzi 9: makatoni a sopo wa ufa pa shelefu ya pansi. Akuoneka anayi, lachisanu lili kuseri kwa lachinayi. Onse afewa, sopo wagwirana.
>
> Chithunzi 10: makatoni 7 a bisiketi ndi mabelo 5 a soya pa shelefu ya pansi, onse ali kunsi kwa mzere wa matope umene ukuoneka pa mwendo wa shelefu.
>
> Chithunzi 11: mabotolo a mafuta ophikira. Mapepala amatuka koma mabotolo sanatseguke. Sali pa kleimu.
>
> Mitengo ili m'munsiyi ndi yooderapo, monga ili pa malisiti.
>
> Shuga, mabelo 6 pa K52,000 (lisiti A): K312,000
>
> Mpunga, matumba 3 pa K140,000 (lisiti B): K420,000
>
> Sopo wa ufa, makatoni 5 pa K36,000 (lisiti A): K180,000
>
> Bisiketi, makatoni 7 pa K18,000 (lisiti C): K126,000
>
> Soya, mabelo 5 pa K22,000 (lisiti C): K110,000
>
> Zonse pamodzi: K1,148,000
>
> Malinga ndi kope langa la sitoko, katundu yense amene anali m'shopu usiku umenewo anali wa K5,000,000.
>
> M'mawa womwewo ndinakweza katundu wouma pamwamba ndi kupatula wonyowa. Woonongekayo ndamusunga m'kachipinda ka kuseri kudikira asesa wanu. Popeza ndi chakudya ndipo chayamba kununkha, ndikupempha kuti mundiuze m'kalata tsiku limene asesa abwere kapena mundilole kuchitaya pamaso pa a zaumoyo a khonsolo. Zithunzi zina 54 za tsiku la ngozi zili m'foni ndipo nditha kuzipereka.
>
> Ine wanu,
> dzina ndi siginecha

Mwaona kuti kalata yonse ikukwana masamba awiri. Ngati mitundu ya katundu ikupitirira khumi, mndandanda wa mitengo uikeni pa tsamba lakelake, m'kalata mungotchula chiwerengero chonse.

Mzere wa K5,000,000 uja alamu anaukana poyamba, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Iwo anaikira katundu wawo K4,000,000 pamene ankalowa inshuwaransi, mitengo isanakwere. Mapangano ambiri ali ndi lamulo lakuti ukaikira katundu ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wake weniweni, malipiro amatsika molingana. Kuikira 4 miliyoni pa katundu wa 5 miliyoni ndiye kuti pa K5 iliyonse yoonongeka akupatsani K4. Koma kubisa sikuthandiza. Asesa amafunsa kope la sitoko, amayang'ana mashelefu, ndipo chithunzi 3 chikuonetsa shopu yodzaza. Fomu ya kleimu nayonso kawirikawiri imafunsa funso lomweli. Chimene mukulemba m'kalata ndi chimene mukulemba pa fomu zisasiyane ngakhale ndi tambala.

Chachisanu ndi chimodzi: tumizani, sungani umboni, musataye katundu msanga

Musanatumize, patsani kalata ndi zithunzi munthu amene sanaione shopuyo itasefukira. Awerenge mzere umodzi, ayang'ane chithunzi chake, akuuzeni ngati akuona zimene mwalembazo. Kwa ife anali mwana wa alamu wa Fomu 3. Ndiye anatulukira kuti pa chithunzi 9 pakuoneka makatoni anayi pamene ife tinalemba asanu, n'chifukwa chake tinaonjezera mawu akuti lachisanu lili kuseri.

Mukapereka pamanja, tengani makope awiri, limodzi akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nalo. Malisiti enieni asachoke m'manja mwanu, perekani mafotokope. Mukatumiza pa imelo, kalata ndi malisiti zikhale PDF imodzi, zithunzi zipite monga zilili, ndipo pemphani kuti akuyankheni kuti alandira.

Katundu woonongeka musamutaye, musamugawe, musamugulitse motsika mtengo asesa asanamuone kapena kampani isanakuloleni m'kalata. Akalipira, zotsalazo amatha kuzitenga kapena kuchotsera mtengo wake pa malipiro. Komano chakudya chimene chakhudzidwa ndi madzi a m'ngalande si chogulitsa kwa munthu ayi, kolera ya mu 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira. Chikafika posasungika, pitani ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda wa Blantyre mupemphe kuti adzachione ndi kukulemberani kuti n'chosayenera kudyedwa, ndipo jambulani pochitaya, zolemba za pa matumba zikuoneka. Kalata yawoyo iphatikizeni ku kleimu. Kampani ikafuna umboni woti mvula inagwadi usiku umenewo, nthambi ya boma yoona zanyengo ili konkuno ku Blantyre ndipo imasunga kaundula wa mvula.

Kwa alamu asesa anabwera ndi kalata yathu m'manja, akuyenda nayo chithunzi ndi chithunzi. Anayezanso mzere wa pakhoma ndi tepi yake, anatsegula belo lina la shuga limene ife sitinalitsegule, anawerenga makatoni. Thumba la mpunga la pa simenti lija analichotsa chifukwa cha chiganizo cha masentimita 15, zina zonse anavomera. Pa K1,148,000 atachotsa K140,000 panatsala K1,008,000. Atatenga magawo anayi mwa asanu chifukwa choikira ndalama yochepa, zinafika K806,400. Atachotsa ekisesi ya K100,000, alamu analandira K706,400.

Ngati chiwerengero chimene akupatsani simukuchimvetsa, pemphani kuti akulembereni masamu ake ndi chiganizo cha m'pangano chimene agwiritsa ntchito, musanasayine pepala lovomereza malipiro, chifukwa mukasayina nkhani imakhala yatsekedwa. Mukadandaula ku kampaniko osathandizidwa, madandaulo a inshuwaransi amapita ku Reserve Bank of Malawi, amene ndi oyang'anira makampani a zachuma, ndipo ali ndi ofesi mu Blantyre. Kumeneko adzakufunsani kope lija lodindidwa, yankho la kampani ndi zithunzi zomwezo ndi manambala ake.